Lachiwiri: khoma langa lanjerwa ndi bodza lake

Lero ndadzuka ndi khoma m'mutu. Ka gemu kanga kaja kamene ndikupanga mu Godot kali ndi kanjira kopanikizika pakati pa nyumba ziwiri, ndiye makoma ake amangooneka ngati munthu wamata chithunzi cha njerwa pa pulayiwudi, osakoma olo pang'ono. Kuumba njerwa iliyonse payokha laputopu yangayi ingalire, ndiye ndinati lero ndiyese paralakisi, njira yopangitsa khoma lafulati kuoneka ngati lili ndi kuya. Mu `StandardMaterial3D` pali gawo la `Height`, umayatsa `Enabled`, kuikamo chithunzi cha kutalika, kenako kuyatsa `Deep Parallax`, basi. Mu Unity chinthu chomwechi chimalembedwa `Parallax Occlusion Mapping`, ndipo si chachilendo ayi, Natalya Tatarchuk wa ku ATI ankachionetsa kale cha m'ma 2005 mu demo ya ToyShop, ife tikungochidziwa lero.

Nditayatsa ndinakuwa ndekha m'chipinda. Njerwa zinatuluka, mizere ya simenti inalowa mkati, ukasuntha kamera njerwa yakutsogolo ikubisa mzere uli kuseri kwake ngati zenizeni. Chikhalirecho khomalo ndi matirayango awiri okha, lafulati ngati tebulo.

Chimachitika n'chakuti chithunzi cha kutalika chija ndi chotuwa, poyera ndi pamwamba pa njerwa, pakuda ndi pansi pa mzere wa simenti. Pa pikiselo iliyonse ya khoma, sheda, kapulogalamu kamene kamasankha mtundu wa pikiselo, imatenga mzere wochokera ku diso n'kumautsatira ngati ukulowa mkati mwa khoma sitepe ndi sitepe, ndipo sitepe iliyonse imafunsa kuti kodi ndagunda njerwa kapena ndikadali m'malere. Ikangogunda imaima, imayerekeza pakati pa sitepe yomaliza ndi yam'mbuyo kuti ipeze pomwe yagundira, n'kutenga mtundu wa pamenepo m'malo mwa mtundu wa pomwe inayambira. Ndinadina `Convert to ShaderMaterial` kuti ndione ndi maso, ndipo mtima wake ndi kalupu aka, ndakafupikitsa:

```
while (current_depth < depth) {
    ofs -= delta;
    depth = 1.0 - texture(texture_heightmap, ofs).r;
    current_depth += layer_depth;
}
```

Onani kuti chikusunthapo ndi `ofs` yokha, malo owerengera tekisicha. Khoma silinasunthe ngakhale milimita imodzi. Mavuto onse amene ndakumana nawo masana achokera pamenepa.

Loyamba linali langa ndemwe. Mafuremu anatsika, fani ya laputopu ikuuluma, ndiye ndinatsitsa `Max Layers` kuchoka pa 32 kufika pa 8 kuti zipepuke. Kuyang'ana khoma maso ndi maso zinali bwinobwino, koma nditayendetsa kamera motsatira khoma, phewa likukhula njerwa, eee, njerwa iliyonse inasanduka masilayisi a buledi osanjikizana, ndipo ukamayenda masilayisiwo amachita ngati akusambira. Ndinatenga pepala n'kuwerengera. `Scale` ndinaisiya pa 5, ndipo 5 ameneyo amatanthauza masentimita 5 ngati tekisicha yako ikukuta mita imodzi ya khoma. Yanga ikukuta mamita 2, ndiye kuya kunafika masentimita 10, pafupifupi mulifupi monse mwa njerwa! Mmisiri atakumba mizere choncho nyumba ingagwe. Ukayang'anira cham'mbali kwambiri mzere wa diso uja umayenda pafupifupi masentimita 10 omwewo pa tekisicha, ugawe ndi masitepe 8, sitepe imodzi ndi masentimita 1.25, pamene mzere wa simenti ndi sentimita imodzi yokha. Ndiye kuti sheda imatha kudumpha mphepete mwa njerwa osaiona n'komwe, pikiselo iyi yagunda pa sitepe yachitatu inzake yoyandikana nayo pa yachinayi, masilayisi aja ndi amenewo. Ndinatsitsa `Scale` kufika pa 1, kuya masentimita 2, `Max Layers` n'kuika pa 16, zinatheratu. Anthu timathamangira kuonjezera masitepe, koma ine ndaona kuti kuchepetsa dyera pa kuya n'kumene kumachiza ndipo sikudya mafuremu.

Chinatsalako pang'ono ndi kukokeka kwa m'mbali mwa njerwa. Chithunzi chinajambulidwa chakutsogolo, ndiye mbali ya njerwa yolowa mkati ilibe mapikiselo ake, sheda imangokoka awiri atatu a m'mphepete ngati chingamu. Ndinafewetsa mphepete mu chithunzi cha kutalika kuti kutsikako kukhale kotsetsereka, zinachepa.

Cha m'ma 3 koloko mng'ono wanga anabwera ku sukulu, ndinamupatsa kiyibodi kuti ayende. Sanachedwe, anangopita pa kona ya nyumba n'kuima.

"Achimwene, njerwa zanuzi bwanji pakona apa zadulidwa ndi lezala?"

Ndinangoti iwe tabweretsa kuno. Koma amanena zoona. Pakati pa khoma pali mabampu ndi maenje, koma pamene khoma likuthera n'kuyamba thambo pali mzere woongoka ngati wa rula. Sheda imangogwira ntchito pa mapikiselo amene matirayango aja akuta, singawonjezere njerwa kunja kwake, ndipo mzere wa simenti ukafika pakona umayenera kusiya kampata koonekera kuseri koma palibe. Ena amaika `discard` kuti adule mapikiselo amene `ofs` yatuluka kunja kwa tekisicha, pa khoma limodzi loima lokha zimathekako, koma pakona pomwe makoma awiri akumana umangotsegula bowo n'kumaona mkati mwa nyumba mopanda kanthu.

Ndinatuluka panja kukapuma, dzuwa likupendeka, n'kuima pa mpanda wathu wa njerwa zootcha. Sindinauyang'anepo chonchi chibadwire. Pakona pake mpokumbikakumbika, njerwa ina yatuluka ina yabenthuka, ndipo mthunzi wa waya woyanikapo zovala ukadutsa pa khoma umathyoka pa mzere uliwonse, kulowa n'kutuluka. Nditabwerera ndinayang'ana mthunzi wa polo ya magetsi mu gemu, uli chiongokere ngati wagwera pa galasi. Chifukwa chake n'chomwe chija, enjini imadziwa kuti khoma lili pomwe pali matirayango, kuya kwabodzaku sikulembedwa kulikonse. Paipi ya madzi imene ndinaboola nayo khoma ndiye yochititsa manyazi, ukasuntha kamera njerwa zimatsetsereka kuseri kwake iyo ili phee, ngati ikuyandama. Ku Unreal kuli `Pixel Depth Offset` yothandiza pa zolowana ngati zimenezi, kuno ndiyenera kulemba `DEPTH` ndekha mu sheda, ndipo lero ndinalibe mphamvu zimenezo.

Ndiye madzulo ndachita zachinyengo zina. Ndatsegula Blender n'kuumba mzati umodzi wa njerwa zenizeni, mzere uwu yaitali mzere winawo yaifupi ngati mmene amamangira pakona, n'kuuika pa makona anayi amene wosewera amafikapo. Pamwamba pa khoma ndaikapo kabimu ka konkire kobisa mphepete, paipi ndaiveka kambale kachitsulo pomwe ikulowera. Makoma akutali ndazimitsa `Height` yonse, nomo mapu yokha, chithunzi chonamiza kuwala kuti pali mabampu, ikukwana, palibe angaone kusiyana pa mamita makumi awiri. Mthunzi wa polo ndausiya choncho.

Mng'ono wanga wayesanso tisanadye nsima, wazungulira kona kawiri osanena kanthu, kenako wakaima pa windo n'kuyamba kuyang'anitsitsa m'mphepete mwa felemu. Pamenepo ndinaiwala. Mawa ndiyambira pa mawindo, alipo sikisi.