Zikomo amayi aphunzitsi athu a ku Kawale

Zotsatira za MSCE zatuluka, ndipo ana a kalasi yathu yamadzulo akhoza Chichewa. Ambuye alemekezeke. Mukudziwa kale mmene chaka chinayendera, wopanda chipinda, mabuku obwerekana. Amene munalonjeza choko n'kuzimitsa mafoni, takuonani, Mulungu akudalitseni nanunso.

Koma amayi aphunzitsi opuma ntchito aja, ine mawu andithera. Iwo ndi amene anaona pamene anawa ankagwera: funso la kumvetsa nkhani likati "fotokozani m'mawu anuanu", ena ankakopera chiganizo chonse, ena ankachisintha mpaka tanthauzo kuthawa.

Njira yawo ndiilemba pano kuti a Folomu 3 aitole. Tengani chiganizo ichi: "Alimi ambiri a ku Mchinji sanakolole chimanga chokwanira chifukwa mvula inadula msanga." Amati werenga kawiri, phimba ndi dzanja, kenaka dzifunse kuti akunena ndani, chachitika n'chiyani, chachititsa n'chiyani. Ukayankha osayang'ana, lemba poyambira mbali ina. Apa chiganizo chayamba ndi alimi, ndiye iwe yamba ndi mvula: "Kusiya msanga kwa mvula kunachititsa kuti chimanga chimene alimi ochuluka a ku Mchinji anapeza chiperewere." Mchinji wakhala Mchinji, chimanga chakhala chimanga. Mayina, manambala ndi zaka sasintha, ndipo kuzibwereza si kukopera ayi. Ukalemba "mbewu" m'malo mwa chimanga waphatikizamo fodya ndi mtedza zimene mlembi sanatchule.

Pamene amayiwa ankalimbikira kwambiri ndi pa timawu ting'onoting'ono. Mwana amalemba kuti "Alimi onse a ku Mchinji sanakolole kanthu chifukwa cha chilala", iye n'kumaona ngati wakhoza poti mawu ndi akeake. Pamenepo walakwitsa patatu. "Ambiri" si "onse". Kukolola chosakwanira si kubwerako chimanjamanja. Ndipo mvula inagwa ndithu, inangodula msanga. Ankawauza kuti ukamaliza, chotsa dzanja, uyerekeze ziganizo ziwirizo, ufunse ngati chako chawonjeza kanthu, chasiya kanthu, kapena chatembenuza chifukwa kukhala chotsatira.

Kulinso ochenjera ongosinthitsa mawu, "ambiri" kukhala "ochuluka", "chifukwa" kukhala "kaamba koti", chiganizo chili chiimire momwemo. Amayi ankachonga ndi cholembera chofiira n'kunena kuti, "Mwanawe, wangochisintha malaya, munthu ndi yemweyo."

Amayi, munkakwera minibasi ndi ndalama zanu, miyendo ikukuvutani, osapempha ngakhale ya sopo. Munkachonga makope usiku magetsi atazima. Mulungu akupatseni mphamvu ndi masiku ambiri. Makolo agwirizana kuti Loweruka likubwerali tibwera kunyumba kwanu masana, ndiye musaphike, zonse titenga ndife.