Ndinawerenga mgwirizano wa kampani yotumiza ndalama ndisanagule malata a amayi

Ndakhala ndikutumiza ndalama kumudzi kuchokera ku Joni kuno kwa zaka zingapo, koma chikalata cha mgwirizano chimene kampani imakupatsa polembetsa ndinali ndisanachiwerengepo. Ndinkangodina povomereza basi. Chimene chinandikhazika pansi ndi malata a nyumba ya amayi ku Mangochi. Mchimwene wanga atafunsa mitengo, tinapeza kuti pakufunika ndalama yokwana marandi 8,000, ndipo ndalama yotere sindikanangoiponya osadziwa kuti panjira idyedwa zingati.

Ndinatsegula migwirizano ya makampani awiri pa foni, wina amene ndinkagwiritsa ntchito kale, wina amene mnzanga wa kuntchito ankamutama. Zonse n'zachingerezi cha maloya, masamba ambirimbiri, koma zokhudza thumba langa zinali m'ndime zochepa chabe.

Ndime ya chindapusa ndiyo yosavuta. Kampani yanga yakale inkadula R40 pa ulendo uliwonse, kaya utumize zambiri kaya zochepa. Inayo inkadula marandi 5 pa 100 aliwonse. Ndinaganiza zogawa ndalamayo pawiri, choncho ndinawerengera pa R4,000: uku R40, uku R200. Mtima unati nkhani yatha, yakale ija ndiyo yotchipa. Chimodzi chokha ndinaonetsetsa pamenepa: kodi chindapusacho amachichotsa mu ndalama imene ndapereka, kapena amachiwonjezera pamwamba? Pa foni pamalembedwa mizere iwiri, Total to pay ndi Recipient gets. Woyambawo ndi zonse zotuluka m'thumba mwanga, wachiwiriwo ndi makwacha amene akafike kwa wolandira. Manambala ena onse apakati ndi okongoletsa.

Pamene ndinachedwa ndi pa ndime ya mtengo wosinthira. Inkanena, m'mawu ozungulira, kuti kampani ndiyo imaika mtengo wake wosinthira randi kupita ku kwacha, kuti mtengowo ukhoza kusiyana ndi umene mabanki amagulitsirana okhaokha, komanso kuti kampani ikhoza kupezapo phindu pa kusiyanako. Ndinaiwerenga katatu. Tanthauzo lake n'lakuti pali chindapusa chachiwiri chimene sichilembedwa ngati chindapusa. Chimabisala mu reti.

Tsiku limenelo mtengo wapakati umene ndinaupeza pa intaneti unali K97 pa randi imodzi. Kampani yanga yakale inkapereka K91, inayo K96. Ndinatenga pepala. Ku yakale, R4,000 kuchotsa R40 kutsala R3,960, kuchulukitsa ndi 91, amayi alandira K360,360. Ku inayo, R4,000 kuchotsa R200 kutsala R3,800, kuchulukitsa ndi 96, alandira K364,800. Kampani yodula chindapusa kasanu kuposa inzake ndiyo inkafikitsa ndalama zambiri, ndi K4,440.

Ndinafuna kudziwa kuti ndalamazo zikuthawira pati. Kusiyana kwa K97 ndi K91 ndi K6, ndipo K6 pa randi iliyonse mwa marandi 3,960 ndi K23,760, imene ili pafupifupi R245. Ndiye kuti ulendo umene ndinkauyesa wa R40 unkandidyera pafupifupi R285. Kwinako K1 pa marandi 3,800 ndi K3,800, pafupifupi R39, kuphatikiza R200 ija kukhala R239. Sindikunena kuti anandibera. Zonse zinalembedwa m'chikalata chimene ndinavomereza ndekha. Koma kulemba R40 ndi zilembo zikuluzikulu n'kuika R245 m'chiganizo chimodzi chapakati pa tsamba, ine ndimakuona ngati kuchenjera.

Pa kwacha pali chenjezo lina. Mtengo wa pa intaneti uja umatsatira mtengo wovomerezeka wa mabanki a ku Malawi, umene suyenda momasuka ngati wa randi. Umakhala malo amodzi nthawi yaitali kenako n'kudumpha, monga zinachitikira mu Novembala 2023 pamene Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700. Komanso aliyense amadziwa kuti mtengo wa pamsewu ndi wina. Choncho kuyerekeza kampani ndi mtengo wa pa intaneti kumangothandiza pang'ono. Njira imene ndinaona kuti siinama ndi kugawa makwacha okafika ndi marandi onse amene ndapereka, pa makampani awiri, mu ola limodzi lomwelo. K360,360 kugawa ndi 4,000 ndi K90 ndi kanthu kochepa. K364,800 kugawa ndi 4,000 ndi K91.20. Imeneyo ndiye reti yeniyeni.

Nditasankha kampani yachiwiriyo, ndinati bwanji ndingotumiza R8,000 yonse kamodzi, popeza chindapusa cha peresenti sichisintha kaya ugawe kaya usagawe. Foni inakana. Ndinabwerera ku chikalata, pa ndime ya malire. Akaunti yanga, imene ndinalembetsa ndi pasipoti yokha, inkaloledwa R5,000 pa tsiku ndi R25,000 pa mwezi. Malire oterewa sachokera ku mtima wa kampani wokha. Ku South Africa kutulutsa ndalama kunja kumayang'aniridwa ndi South African Reserve Bank, ndipo lamulo la FICA la mu 2001 limakakamiza makampani kudziwa amene akutumiza ndalama. Ndiye chifukwa chake ukafuna malire okwera amapempha zina, monga umboni wa kumene ukukhala ndi wa kumene ndalama zako zimachokera, kaya pepala la malipiro kaya sitetimenti ya ku banki. Kutsimikizira mapepalawo kumatenga nthawi, ndipo wamalata sakanandidikira.

Ndinaona kuti mwezi umene ankanena ndi wa pa kalendala, woyamba pa 1, osati masiku 30 kuwerengera kuchokera tsiku limene unatumiza komaliza. Ndi bwino kuonetsetsa zimenezi, chifukwa ukatumiza zambiri pa 28, njira yoyambayo imakumasula patangopita masiku ochepa, pomwe inayo imakumanga mpaka kumapeto kwa mwezi wotsatira. Chikalatacho chinachenjezanso kuti kuduladula ndalama n'cholinga chozemba malire kukhoza kuchititsa kuti aimitse akaunti. Ndinaimba foni kufunsa ngati kutumiza masiku awiri otsatizana kuli m'gulu limenelo. Mayi amene anayankha anati ayi, bola ndigwiritse ntchito akaunti yanga yomweyo, osati kubwereka dzina la mnzanga.

Malire ena ali kumudzi. Chikwama cha ndalama cha pa foni chili ndi mlingo umene sichingapitirire, ndipo potapa kwa ejenti pamakhala chindapusa chake chimene kampani ya kuno siiwerengera. Mgwirizano unanena poyera kuti zodula za mbali ya wolandira si zawo. Ndinauza mchimwene kuti afunse kaye mlingo wa chikwama chake, atape ndalama yoyamba isanafike yachiwiri, ndipo anditumizire dzina lake monga lalembedwera pa chiphaso cha unzika, chifukwa ndime yobweza ndalama inkati ndikalakwitsa dzina kapena nambala, chindapusa sichibwerera.

Lachiwiri ndinapanga oda ya R4,000. Reti ya K96 inali yotsekedwa kwa maola ochepa okha, ndipo ndikanachedwa kulipira odayo ikanafa, n'kuyambiranso pa mtengo watsopano. Ndinathamangira ku shopu nditangoweruka, ndinalipira, uthenga wa K364,800 unafika ku Mangochi ndisanakwere takisi. Lachitatu randi inali itafookako, reti inatsika kufika pa K95, ndipo R3,800 inabala K361,000. Usiku umodzi unandidyera K3,800. Zonse pamodzi zinakwana K725,800, ndipo ya misomali ndinachita kuwonjezera sabata yotsatira.