Sikuluwu ya 50 yomwe inatulukira pamwamba pa tebulo langa

Loweruka lapitali ndinakhala pansi m'shedi ndi zidutswa ziwiri za paini, pensulo ndi masikuluwu anayi, ndipo chinthu chomwe chandisautsa temu yonse chinamveka m'mphindi zosakwana makumi awiri. Mpaka lero mtima uli m'malo. Ndikulemba izi chifukwa ndikudziwa kuti ena mwa inu amene tikuphunzira limodzi za ukalipentala mwaonongapo thabwa la pamwamba ngati mmene ndinachitira ine.

Za kuwongola mbali ndi kupaka guluu sindinenapo, tonse tinadutsamo. Nkhani yanga ndi ya pamene ukulumikiza matabwa mbali ndi mbali kuti apange chinthu chotambalala ngati pamwamba pa tebulo, ulibe makilampu okwanira, ndiye ukuboola mabowo opendekeka kunsi kuti sikuluwu ichoke m'thabwa loyamba n'kukalowa m'mbali mwa lachiwiri.

Lamulo lomwe tinalemba m'kope chaka choyamba limati sikuluwu italike kawiri ndi theka kapena katatu kuyerekeza ndi kuchindikala kwa thabwa lomwe ukulimangirira. Ine ndinalitenga lamuloli ngati logwira ntchito paliponse. Matabwa anga anali a paini, aja timati sikisi bayi wanu, ndipo atapalidwa anatsala mamilimita 20. Ndinawerengera, n'kupeza 50 kapena 60, ndipo ndinagula paketi yolembedwa 4.0 x 50. Nditamanga zonse zinkaoneka bwino. Koma nditayendetsa dzanja pamwamba ndinamva timatuza tating'ono motsatira mzere wa joini, kamodzi pa sikuluwu iliyonse. Ndinaganiza kuti ndi mfundo za paini. Nditadutsitsa puleni kachiwiri, mpeni unalira, ndipo nsonga yonyezimira inaoneka. Mpeniwo unagumuka malo atatu, ndinatha madzulo onse ndili pamwala wonolera.

Chomwe ndinamvetsa Loweruka ndi ichi. Lamulo la katatu lija ndi la pamene thabwa lagona pamwamba pa linzake, sikuluwu n'kulowa molunjika pansi pomwe pali mnofu wambiri. Polumikiza mbali ndi mbali, maso amakunamiza. Umaona thabwa lachiwiri lotambalala mamilimita 140, n'kuganiza kuti malo alipo ochuluka. Koma sikuluwu siyenda m'lifupi mokhamokha. Yalowa mopendekeka kuchokera kunsi, choncho pamene ikupita kutsogolo ikukweranso, ndipo malo okwerawo ndi ochepa kwambiri. Chomwe chimalamula kutalika kwa sikuluwu ndi kuchindikala kwa thabwa pamodzi ndi kupendekeka kwa bowo. Kutambalala kwa thabwa kulibe nazo gawo.

Ndinazijambula pamutu pa zidutswa zija, nditazigundanitsa ngati mmene zikhalire patebulo. Sikuluwu iyenera kudutsa pa joini pakatikati pa kuchindikala, ndiye pa thabwa la 20 pamwamba pake patsala mamilimita 10. Jigi yogula, kachipangizo kotsogolera biti ya dirilo, imapendeketsa bowo madigiri 15. Pa kupendekeka kumeneku, sikuluwu ikayenda mamilimita anayi imakhala itakwera pafupifupi milimita imodzi. Ndimasiya mnofu wa mamilimita 15 pakati pa pomwe mutu ukhale ndi mbali ya thabwa loyamba. Ndiye ya 50 ija inalowa mamilimita 35 m'thabwa lachiwiri n'kukwera mamilimita 9. Inatsala milimita imodzi yokha kuti ibowole pamwamba, ndipo paini ndi wofewa, nsonga inangotukula kachikopa kameneko. Matuza aja ndi amenewo.

Kenako ndinagoneka ya 30 pa mzere womwewo. Mamilimita 15 m'thabwa loyamba, 15 m'lachiwiri, kukwera pafupifupi 4, ndipo pamwamba pa nsonga patsala mamilimita 6. Ungathe kupala, kukwecha ndi sandipepa, osaikumana. Ya 35 nayo imakwana, imasiya pafupifupi 5. Ndipamene ndinazindikira chifukwa chake tebulo la manambala la pa jigi zogula limati thabwa la 19 lipite ndi sikuluwu ya 32, ndipo la 38 lipite ndi ya 64. Ndinkaona ngati manambalawo ndi ongoloweza, chonsecho akuchokera pa kachithunzi ka nsonga zitatu kamene aliyense angajambule ndi pensulo.

Ndibwerezenso pamenepa chifukwa ndi pomwe ambiri a ife tidzagwere. M'shedi zathu jigi yogula siipezeka kawirikawiri, timapendeketsa dirilo ndi dzanja. Biti ikagona kwambiri imaterereka, ndiye dzanja limadzuka lokha osazindikira, bowo n'kufika madigiri 25 kapena 30. Pa madigiri 30, sikuluwu imakwera theka la mtunda womwe yayenda. Ya 35 ija, yomwe inali yabwinobwino, ikalowa mamilimita 20 yakwera 10, nsonga ili panja. Choncho munthu sangakuuze kuti thabwa la 20 limafuna sikuluwu yakuti asanadziwe mmene ukupendeketsera bowo. Ine ndatenga kachidutswa ka mlombwa, ndakaboola bowo la mamilimita 10, ndakacheka mopendekeka madigiri 15 ndi bowolo, ndipo ndimakamanga pathabwa ndi kilampu yaing'ono kuti biti izitsata njira imodzi nthawi zonse.

Kufupikitsanso kuli ndi vuto lake. Ndinayesa ya 25 pa zidutswa zomwezo. M'thabwa lachiwiri munalowa mamilimita 10 okha, ndipo mbali ina ya amenewo ndi nsonga yomwe mazinga ake sagwira kwenikweni. Pomanga, inayamba kukoka, kenako inangozungulira yokha osalimba. Ukamva zimenezo dziwa kuti mazinga adya mnofu, ndipo mpata wa joini sutsekeka ngakhale uwonjezere mphamvu.

Za geji, kunenepa kwa sikuluwu, ndinazimva mochedwa pang'ono, koma zimachokera pa chithunzi chomwecho. Mapaketi ena amalemba mamilimita, ena amalemba nambala zakale. Nambala 6 ndi pafupifupi mamilimita 3.5, nambala 8 ndi 4 ndi pang'ono, nambala 10 ikuyandikira 5. Poyamba ndinkaganiza kuti yonenepa ndiye yolimba. Koma mbali ya thabwa ndi yopapatiza. Ya 4 ikadutsa pakati pa 20 imasiya mamilimita 8 uku ndi uku, zomwe ndi zokwanira. Vuto lalikulu la yonenepa ndi mutu wake. Mutu wa ya 4 ndi pafupifupi mamilimita 8, umalowa bwino m'bowo la 10. Wa ya 5 ndi pafupifupi 10, umafuna bowo lokulirapo, ndipo pamalo pomwe mutu umakhala bowolo lili kale pafupi ndi kunsi kwa thabwa. Mutu umatsala panja mbali imodzi, kapena mnofu wougwira umachepa n'kung'ambika. Pa matabwa a 18 mpaka 22 ndakhazikika pa ya 4. Pa matabwa opyapyala a 15 ndingatsike pa 3.5. Ya 5 ndikuisungira matabwa a benchi ochindikala kuposa 35.

Pali kanthu kena kamene kanandivuta ngakhale nditasankha bwino kutalika. Masikuluwu omwe amapezeka msanga m'mahadiweya ndi aja a chipubodi, a mazinga kuyambira kunsonga mpaka kumutu, komanso mutu wake ndi wosongoka kunsi. Mazinga akagwira m'matabwa onse awiri, sikuluwu siikoka lachiwiri, imangosunga mpata womwe unalipo. Mankhwala ake ndi kuboola mamilimita 15 aja a thabwa loyamba ndi biti ya 4.5 kuti sikuluwu izidutsa momasuka, mazinga azigwira m'lachiwiri mokha. Mutu wosongokawo umang'amba paini motsatira mitsempha, makamaka pafupi ndi kumapeto kwa thabwa. Ndaika kawasha ka bawuti ya 4, komwe kunja kwake ndi mamilimita 9, ndipo kamakhala pansi pa bowo la 10 mosavuta. Chiyambireni kutero palibe lomwe lang'ambika. Ndimayambira mamilimita 50 kuchokera kumapeto, kenako pa 150 kapena 200 aliwonse.

Kunena zoona, njira iyi yojambula pamutu pa thabwa n'kugonekapo sikuluwu yeniyeni ndikuiona kuti ikuposa tebulo lililonse la manambala, ndipo ndikanakhala wophunzitsa ndikanaiyambitsa tsiku loyamba, wina asanagwire dirilo. Imakuonetsa kutalika, geji, mutu, zonse pamodzi, ndi maso ako. Ndayamba kuichita ngakhale pa ntchito zomwe yankho ndikulidziwa kale.

Chomwe chikundiwawa ndi chakuti tinatha masabata awiri tikukopera mitundu ya mitu ya masikuluwu pa bolodi, koma palibe tsiku lomwe tinacheka joini pakati kuti tione momwe chitsulo chagonera m'kati. Nditapita kwa aphunzitsi ndi thabwa langa la matuza lija, ananditi, "Mwagwiritsa yaitali, chepetsani." Ndinafunsa kuti, "Ndichepetse mpaka pati, aphunzitsi?" Iwo anali kale pa benchi ina pomwe macheka anali atakanirira. Sindikuwaimba mlandu wonse, tilipo ambiri ndipo dirilo ndi imodzi, theka la nthawi ya pulakitiko limathera podikira, magetsi akathima ndiye basi. Komabe matabwa atatu a paini ndinawagula ndi ndalama zanga, ndipo yankho lake linali la mphindi zisanu.

Chomwe chatsala m'mutu mwanga ndi mlombwa ndi mbawa. Kujambula kuja sikusintha, kutalika n'komweko. Koma pamtengo wolimba amati mazinga akhale oyandikana, ndipo omwe ndikuwapeza pafupi ndi a mazinga otalikirana okhaokha. Ndayesa kutsogoza bowo la mamilimita 3 m'thabwa lachiwiri ndi kupaka sopo pa mazinga. Zinayi zinalowa bwino, yachisanu inaduka pakhosi ndili pafupi kumaliza, ndipo sindinaonebe ngati ndinathinitsa kwambiri kapena bowo linali lalifupi. Mnzanga wa benchi yoyandikana nane akuti ndikudzivutitsa, chifukwa guluu akauma pa mbali zowongoka bwino ndiye amene amagwira, sikuluwu inali kilampu chabe, ndipo iye amazichotsa m'mawa mwake n'kukazigwiritsa ntchito pena. Ine zanga ndazisiya momwemo. Ndamata zidutswa ziwiri za mlombwa, china ndachotsa masikuluwu china ayi, zili pa shelefu kudikira kuti nyengo ya mvula idutse ndione chomwe chiyambe kutsegula.