Simunanditumizire katundu wanga, ndalama zisatulutsidwe

Inu ogulitsa, ndinalipira makina osokera patsamba lanu, ndipo tsiku lomaliza lomwe munalonjeza kutumiza katunduyo lapita kalekale.

Nambala yotsatira phukusi munandipatsadi, koma ikungosonyeza kuti chikalata chomata pabokosi chinasindikizidwa, basi. Kampani yonyamula katundu sinalembe kuti inalandira bokosilo, ngakhale kulemera kwake palibe. Chikalata chotere munthu amasindikiza ali khale pampando, bokosi kulibe. Zandiwawa kwambiri, chifukwa makinawo ndimafuna kugwirira ntchito.

Uthengawu ndatumizanso kwa eni nsanja amene akusunga ndalama zanga, pamodzi ndi nambala ya oda, lisiti, zithunzi za zokambirana zathu ndi chithunzi cha tsamba lotsatira phukusi. Inu a nsanja, chonde musawapatse ndalamazo. Awonetse lisiti ya kampani yonyamula katundu yokhala ndi tsiku ndi kulemera kwa bokosi. Akalephera, mundibwezere ndalama zonse, kuphatikizapo zotumizira.

Zoti nditsimikize kuti ndalandira katundu, kapena nditseke dandaulo kuti mundibwezere kumbali, ndakana. Ndikatero nsanja ikupatsani ndalamazo ndipo ine chitetezo chindithera pomwepo.