Nambala ya nq ndi pampu imene ndinasankha molakwika

Sabata zitatu zapitazi ndinabwezeredwa pepala langa la phunziro la makina a madzi, pambali pa yankho lina aphunzitsi atalembapo mawu awiri okha ndi cholembera chofiira: "Yang'anani miyezo." Funso linali loti tisankhe mtundu wa pampu, ndipo ine ndinasankha yolakwika ndili ndi chikhulupiriro chonse. Zinandiwawa, koma cholakwa chimenechi ndi chimene chinandikhazika pansi mpaka kumvetsa nambala ija akatswiri amaitcha sipesifiki sipidi, imene m'mabuku athu imalembedwa nq.

Dzinali ndi limene linayamba kundisokoneza. Ndinkaganiza kuti likunena za liwiro la pampu, kuti nambala ikakula ndiye kuti makinawo akuzungulira mothamanga. Ayi ndithu. Nambalayi imanena za kaumbidwe ka impela, chitsulo cha mapiko chija chimene chimazungulira m'kati mwa pampu. Mapampu awiri, ina yokwana m'manja ina yaikulu ngati nyumba, akhoza kukhala ndi nq yofanana bola akhale oumbidwa mofanana. Imawerengedwa chonchi:

```
nq = N × √Q / H^0.75
```

N ndi maulendo amene impela imazungulira pa mphindi imodzi, Q ndi madzi odutsa pa sekondi m'makiyubiki mita, ndipo H ndi hedi, kutanthauza msinkhu umene pampu iyenera kukankhira madzi, kuphatikizapo mphamvu yotayika m'mapaipi, m'mamita. Zonsezi zimatengedwa pamalo amene pampuyo imagwira bwino koposa, osati paliponse pa mzere wa pa galafu wosonyeza kagwiridwe kake ka ntchito.

Chimene chinanditsegula maso ndi kuona kumene fomula imeneyi ichokera. Hedi imadalira liwiro la m'mphepete mwa impela, ndiye imayenda ndi N²D², pomwe D ndi kukula kwa impelayo. Madzi odutsa amayenda ndi ND³. Mukaphatikiza ziwirizi mwa njira yoti D achokemo, chotsala ndi fomula ili pamwambayi. Ukulu wachoka, kwatsala maonekedwe okha. Ndiye nq ikakhala yaing'ono, kuyambira cha m'ma 10 kufika cha m'ma 40, impela imakhala yarediyali: yotakata ngati mbale, madzi amalowa pakati n'kuponyedwa kunja m'mbali. Kuchokera pamenepo mpaka cha m'ma 160 imakhala yosakaniza, madzi amatuluka mopendekera. Kupitirira apo ndi yaakisiyali, yooneka ngati mapiko a injini ya boti, imene imangokankha madzi molunjika motsata shafiti, ndodo yachitsulo imene imazungulitsa impela. Malire amenewa si mpanda wa njerwa. Mitundu imalowana pang'onopang'ono, ndipo buku lililonse limadula mzere pamalo osiyanako pang'ono.

Nditenge chitsanzo chimene ndinakhala nacho usiku wonse. Tanki ya mudzi ili pamwamba pa phiri, hedi yonse ndi mamita 80, madzi ofunika ndi malita 10 pa sekondi, ndipo mota ndi ija yozungulira maulendo 2900 pa mphindi.

```
nq = 2900 × √0.01 / 80^0.75 = 290 / 26.7 ≈ 11
```

Nambala 11 ikuti pampu yarediyali, koma ili kumapeto kwenikweni kwa gululo. Poyamba ndinangolemba yankho n'kupitirira. Kenako ndinafuna kuona kuti impela ya nq yotereyi imaoneka bwanji m'manja. Kuti impela imodzi ipereke mamita 80, m'mphepete mwake muyenera kuthamanga pafupifupi mamita 40 pa sekondi, ndipo pa liwiro la mota imeneyi ndiye kuti m'mimba mwake ndi masentimita ngati 26, kukula kwa mbale yodyera nsima. Koma madzi ndi ochepa, choncho kampata kotulukira madzi m'mphepete mwa mbaleyo kamangokhala mamilimita anayi kapena pamenepo. Taganizirani: chitsulo chachikulu chikupalasa madzi ndi nkhope zake zonse ziwiri, pomwe madzi enieni akudutsa pa kamng'alu koti n'chala chomwe sichingalowe. Mphamvu yotayika pa kukhulana kwa nkhopezo ndi madzi imakula ndi D⁵, ndiye mbale ikangokula pang'ono, magetsi ambiri amathera kutenthetsa madzi. Kamwala kamodzi kakalowa pakampata kaja, pampu yatsamwa. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake mapampu a nq yotsika chonchi sagwiritsa bwino mphamvu.

Njira yake ndi kugawa hediyo. Muike ma impela asanu pa shafiti imodzi, iliyonse izipatsira inzake, ndiye kuti iliyonse ikunyamula mamita 16 okha. Pa fomula timaika hedi ya impela imodzi, osati ya pampu yonse:

```
nq = 290 / 16^0.75 = 290 / 8 ≈ 36
```

Tsopano tili pabwino. Impela iliyonse ndi ya masentimita pafupifupi 12, njira ya madzi ndi yotakasuka, ndipo zotayika zachepa. Kuyambira tsiku limenelo pampu ya m'mjigo wa magetsi, ija yaitali yoonda ngati mpini, sindiiona ngati kale. M'kati mwake muli ma impela ang'onoang'ono osanjikizana chifukwa dzenje ndi lopapatiza, hedi ndi yaikulu, madzi ndi ochepa.

Kumbali inayo kuli munda wa mpunga wa m'mbali mwa mtsinje. Madzi akufunika ambiri, malita 400 pa sekondi, koma akungokwezedwa mamita 4 kulowa mu ngalande. Ndi mota ya maulendo 960, pamwamba pa fomula pamabwera 607, pansi 2.83, ndipo nq ndi pafupifupi 215. Imeneyi ndi ntchito ya pampu yaakisiyali. Ngati ngalande yomweyo ikanakhala mamita 16 pamwamba pa mtsinje, 607 kugawa ndi 8 ndi 76, ndiye kuti yosakaniza. Madzi omwewo, mota yomweyo, koma chitsulo chosiyana. Wina akhoza kuumirira pampu yarediyali pamunda wa mamita 4 uja, inde ingatheke, koma kuti nq itsike kufika pa 40 aizungulitse pamaulendo osakwana 200 pa mphindi, ndipo ingakhale chimakina chachikulu, cholemera, chofuna giya, chodula popanda chifukwa.

Nanga ine ndinalakwa pati? Funso lija linapereka nambala yowerengedwa kale, 2000, yochokera m'kabuku ka kampani yopanga mapampu. Ine kuona 2000, poyerekeza ndi 160 wa m'mutu mwanga, ndinati iyi ndi yaakisiyali yosachita kufunsa. Koma kabukuko kankatsata miyezo ya ku America, kumene madzi amawerengedwa m'magaloni pa mphindi ndipo hedi m'mafiti. Nambala yawo imaposa yathu ka 51.6. Gawani 2000 ndi 51.6, mupeza pafupifupi 39, imene ndi pampu yarediyali yoyandikira kumalire a yosakaniza. Fomula ndi imodzi, koma nambala yake ilibe tanthauzo musanadziwe miyezo imene yalowamo. Tsopano ndisanayerekeze nambala ndi tebulo lililonse, ndimayamba ndayang'ana pansi pa tebulolo. Msampha wina wofanana nawo ndi wa pampu yoyamwa madzi mbali ziwiri: pa miyezo yathuyi timaika theka la Q, chifukwa mbali iliyonse ya impela imalandira theka.

Mwina wina anganene kuti kulakwitsa dzina la mtundu si nkhani yaikulu. Ndi yaikulu, chifukwa mitunduyi ili ndi makhalidwe otsutsana. Nditafunsa bambo amene amasamala makina a m'chipinda chathu choyesera, sanandiyankhe ndi fomula. Anandiimika pafupi ndi pampu yarediyali, natseka valavu yotulutsira madzi, n'kundiuza kuti ndiyang'ane muvi wa mita ya magetsi. Muviwo unatsika. Atatsegula valavu pang'onopang'ono unayamba kukwera. Anati, "Mwaona achimwene? Iyi timailiza valavu ili yotseka, kuti mota inyamuke mopepuka, kenako n'kutsegula msanga madzi asanatenthe. Koma ya mapiko ija mukaichita zomwezi, mota mwaiwotcha." Pampu yaakisiyali imakoka mphamvu yochuluka koposa pamene njira yatsekedwa, nthawi zina kuwirikiza kawiri ya masiku onse, choncho imalizidwa valavu ili yotsegula, ndipo kuchepetsa madzi ake pofinya valavu n'kuizunza. Munthu wodziwa nq ya pampu yake amadziwiratu zimenezi asanagwire switchi.

Pa mathabaini opangira magetsi ganizo ndi lomweli, kungoti madzi ndi amene akuzungulitsa chitsulo, ndipo m'malo mwa Q timakonda kuika mphamvu P m'makilowati:

```
Ns = N × √P / H^1.25
```

Tebulo lake ndi lina, musalisakanize ndi la mapampu. Nambala ikakhala yosapitirira 30 kapena pamenepo ndi ya gudumu la Pelton, limene madzi amamenya timakapu ta m'mphepete mwake. Kuyambira cha m'ma 60 mpaka mazana atatu kapena anayi ndi thabaini ya mtundu wa Francis. Pamwamba pake ndi Kaplan, ya mapiko. Pa chitsanzo cha m'kalasi, makina a makilowati 1500 pa hedi ya mamita 500, ozungulira maulendo 1000, amapereka nambala yoyandikira 16, ndiye Pelton basi. Zimenezi zikuoneka kwathu konkuno. Ku Wovwe, m'boma la Karonga, madzi ndi ochepa koma amagwa kuchokera patali, ndipo makina ake ndi a Pelton. Pa Shire, ku Nkula ndi ku Kapichira, madzi ndi ochuluka ndipo amagwa mamita makumi angapo okha, ndiye kuli a Francis.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimayesetsa kuti ndisaiwale, chifukwa fomulayi imanyenga: N ali m'manja mwanu, ndiye mtima umafuna kungomukweza. Mukatero nq imakwera, pampu imachepa thupi, mtengo umatsika. Koma impela ikathamanga kwambiri, mphamvu ya madzi pakhomo pake imatsika mpaka madzi amapanga thovu la nthunzi, thovulo n'kumaphulika pa mapiko. Ndiyo kavitesheni. Mumaimva ndi khutu, pampu imalira ngati mwalowa miyala, hedi imagwa, ndipo mukaitsegula patapita miyezi mumapeza mapiko atadyeka ngati afumbwa. Nambala ya nq siiona zimenezi. Zimafuna kuwerengera kwina kwa mbali yoyamwira madzi, kumene m'mabuku kumalembedwa NPSH. Pa munda wa mpunga uja, pampu yaakisiyali nthawi zambiri imaikidwa choimirira, mapiko ake atamira m'madzi, chifukwa ikapachikidwa pamwamba pa gombe kuti iziyamwa, thovulo silichedwa.

Ndabwereza ntchito ija ndipo ndaipereka Lachisanu. Pa tsamba loyamba ndalemba miyezo yonse ndisanayambe kuwerengera, kenako nq ya impela imodzi, kenako njira yolizira pampuyo. Pampu ya munda wa mpunga ndaitsitsa kuchoka pa 960 kufika pa mota ya maulendo 730, kuti mbali yoyamwira ipume. Zatero nq yafika pa 163, pamalire penipeni pa yosakaniza ndi yaakisiyali, ndiye sabata ino ndili pa mizere ya mapampu a mitundu iwiriyi, kuona kuti ndi iti imene ingapirire pamene mtsinje watsika ndi mita imodzi ndi theka mu Okutobala, hedi n'kukwera kufika pa mamita 5.5.