Tsiku limene ngoma zinalira ku Chirimba

Bizinesi yanga ndi yobwereketsa matenti ndi mipando pa maukwati, zinkhoswe ndi pamaliro, ndipo dzina lake ndinalipeka ndekha: Ng'oma Zalira Matenti. Pa chikwangwani limaoneka bwino zedi. Ndiye tsiku lina mphwanga Yamikani, mwana wa mlongo wanga, atandipeza ndikulemba imelo yanga yakale kuseri kwa lisiti, anapukusa mutu.

"Malume, makampani akuluakulu sangakupatseni oda ndi imelo yomwe ili ndi chaka chanu chobadwa. Mukufunika domeni."

Anandilongosolera kuti domeni ndi dzina lija limabwera pambuyo pa @, ndipo munthu ukalembetsa lako, imelo ndi webusaiti zonse zimayendera dzina limodzi la bizinesi. Ndinamutumizira ndalama pa foni, tinakhala pakhonde ndi laputopu yake, ntchito inayambika.

Vuto loyamba linatulukira pa chilembo chachitatu. Dzina la domeni limalola zilembo a mpaka z, manambala, ndi kamzere kapakati basi. Mpata ayi. Kachizindikiro ka m'mwamba ka ng' ayinso. Ndiye ng'oma zanga zinasanduka ngoma, nyama ija ya nyanga zopotana ya ku Lengwe. Yamikani anati palibe amene adzaone. Ine ndinavomera, koma ndinaumirira kuti mawu onse alowemo, Chirimba yemwe, kuopa kuti anthu angaganize kuti ndine wa ku Bangwe. Pofuna kuti mawuwo asagundane, tinathira timizere. Atandifunsa choti chikhale kutsogolo kwa @, ndinakhosomola pang'ono n'kunena udindo wanga. Zinatuluka motere:

```
managingdirector@ngoma-zalira-matenti-chirimba.com
```

Werengani nokha, zilembo ndi zizindikiro zilipo 50. Tsiku limenelo ndinkaona ngati kutalikako ndiye ulemu wake. Ndinasindikizitsa makadi 500, matisheti a anyamata anga, n'kupititsa pikapu ku Ndirande kuti akalembe pa zitseko zonse ziwiri. Wolembayo anachita kuyambira pa chitseko n'kukathera pafupi ndi tayala la kumbuyo.

Sabata yotsatira ndili mu minibasi yochokera ku Limbe, tili pa Ginnery Corner, foni inalira. Anali mayi wina, mlembi wa komiti ya ukwati, ankafuna matenti atatu ndi mipando 300, ndipo anati anditumizire mndandanda pa imelo kuti ndiwapatse mitengo.

"Lembani, mayi. Managing director, mawu amodzi."

"Amodzi bwanji poti ndi awiri?"

"Muwaphatikize. Kenako ati, ka a kozungulira kaja. Kenako ngoma."

"Ng'oma?"

"Ng'oma, koma mulembe ngoma."

"Bambo, mumabwereketsa matenti kapena nyama?"

Mayi amene ndinakhala nawo pampando anayamba kugwedezeka mapewa. Ndinapitiriza. Kamzere. Anafunsa ngati ndi kapansi kapena kapakati. Zalira. Anafunsa ngati ndi l kapena r. Ndinati l poyamba, r pambuyo, ndipo nditangonena choncho ndinayamba kukayika ndekha mpaka ndinatulutsa khadi m'thumba kuti ndione. Nditafika pa liwu lakuti Chirimba kondakitala analowererapo, akuti iye anabadwira komweko ndipo ndi Chilimba wa l. Bambo wina kumbuyo anatsutsa. Mkangano unabuka minibasi yonse, ine ndikukuwa "dotikomu, mayi, dotikomu!" ngati ndikuitana mwana wosochera. Ndinapitirira siteji yanga.

Imelo ija sinafike.

Usiku ndinakhala pansi ndi cholembera. Ife Amalawi l ndi r timazimva ngati chilembo chimodzi, pakamwa sitisiyanitsa. Mu "zalira" muli malo awiri otere, ndiye munthu atha kulemba zalira, zarira, zalila kapena zarila. Chirimba ali ndi njira ziwiri. Kale njira zakwana 8. Timizere titatu tija, kalikonse munthu atha kukaika kapena kukaiwala, njira zinanso 8. Kuchulukitsa, 64. Pa njira 64 zolembera adiresi yanga, yofika kwa ine inali imodzi, ndipo apo sindinawerengere amene angakanike pa managing director. Kompyuta si wapositi wa kale amene ankati akaona dzina lolakwika pang'ono n'kunena kuti aa, awa ndi a Phiri a matenti aja. Chilembo chimodzi chikaphonya, kalata imabwerera kwa mwini wake ndi uthenga wa Chingerezi woti adiresi sinapezeke, ndipo ndi makasitomala angati amawerenga zimenezo? Amangoti munthuyu ndi wamatama, sayankha. Iwe uli phee, sukudziwa n'komwe kuti panali oda.

Mayi a kunyumba anangoti, "Bwanji osangowapatsa nambala ya WhatsApp?" Sindinawayankhe. Munthu amene wapentetsa pikapu sayankha mafunso otere.

Ndinapirira chaka chathunthu, ndikumauza anthu kuti ajambule khadi pa foni m'malo molemba. Ena ankafika ndithu. Sukulu ina ndi mpingo wina anazolowera kunditumizira maoda pamenepo. Kenako, nyengo ya maukwati itangoyamba, kunangoti zii. Sabata yoyamba ndinati ndi mavuto a zachuma. Yachiwiri ndinayamba kuganizira mnzanga wina wa matenti yemwe tinakangana pa maliro ena, kuti mwina wandiyendera. Yachitatu ndinakumana ndi msungichuma wa sukulu ija pa Chichiri, ndipo anandifunsa ngati ndinatseka bizinesi, poti makalata awo onse ankabwerera.

Mtsikana wina amene amakonza makompyuta ku Limbe ndiye anandimasula. Choyamba anatumiza imelo kuchokera pa foni yake kupita kwa ine, ndipo inabwerera tikuona. Chachiwiri anatsegula `lookup.icann.org`, pamene aliyense atha kuona mbiri ya domeni ya .com, n'kulemba dzina la domeni yanga. Zinamutengera kawiri, naye anaphonya pa zalira. Panatuluka tsiku limene domeni inalembetsedwa, tsiku lothera, ndi liwu limodzi limene sindidzaliiwala: `redemptionPeriod`.

"Bambo, domeni sagula ngati njinga," anatero. "Ndi lendi. Munalipira chaka chimodzi, chinatha."

"Nanga bwanji sanandiuze?"

"Anakuuzani. Kampani yolembetsa imayenera kutumiza chikumbutso kutatsala mwezi, china kutatsala sabata. Funso ndi lakuti anatumiza kwa ndani."

Apa m'pamene ndinadziwa kuti polembetsa paja, Yamikani anatsegula akaunti ndi imelo yake, dzina lake, ndi khadi la kubanki la mnzake. M'mabuku a eni ake, mwini wa ngoma zolira uja anali Yamikani. Ine ndinali mwini wa pikapu chabe. Ndipo Yamikaniyo anali atapita ku Joni miyezi inayi m'mbuyomo, nambala atasintha, mayi ake okha ndi amene ankalankhula naye Lamlungu likakhala labwino.

Mtsikanayo anandiwerengera masiku. Domeni ya .com ikatha, makampani ambiri amakupatsa kanthawi koti ulipire pa mtengo wa masiku onse, kutalika kwake kumasiyana koma sikupitirira masiku 45. Imelo imatha kuima nthawi imeneyo isanathe. Ukaphonya apo imalowa m'masiku 30 a chiwombolo, m'mene ndinali inemu, ndipo kuiwombola ndi ndalama zochuluka kuposa lendi ya chaka, komanso woiwombola ndi mwini akaunti yekha. Akatha amenewo pamakhala masiku 5, kenako dzina limamasulidwa, aliyense padziko atha kulitenga.

Ndinamupeza Yamikani patatha masiku 9, kudzera mwa mlongo wanga, kudzera mwa mayi wina wa kutchalitchi kwawo amene mwana wake amakhala naye nyumba imodzi.

"Pasiwedi, mphwanga."

"Iii malume, inali mu foni ija anandibera."

"Nanga imelo yako?"

"Imafuna nambala yakale ija kuti itseguke."

Ndinakhala chete mpaka mayunitsi anatha okha.

Mtsikana wa ku Limbe uja anandifunsa ngati dzinalo ndimalifunadi. Ndinaganiza za minibasi ija. Ndinati lipite, ndipo ngati alipo wina kunja kuno wofuna ngoma zolira za ku Chirimba, Mulungu amuthandize.

Dzina latsopano sitinalisankhire pa laputopu. Anandiuza kuti ndilembe mayina asanu, aafupi, opanda kamzere, opanda nambala, poti 4 munthu sadziwa ngati alembe nambala kapena mawu, opanda l kapena r, opanda ng' kapena ŵ. Dzina la dera anati ndilisiye, nanga ndikadzasamukira ku Machinjiri? Kenako ndiimbire anthu asanu, nditchule dzinalo kamodzi kokha osaperekera zilembo, iwo alembe n'kunditumizira pa meseji. Ndinaimbira apongozi, dalaivala wanga, mlongo wanga, mkulu wa mpingo ndi mwana wanga wa Sitandade 6. Dzina lina limene ndinkalikonda linali ndi "mthunzi", koma awiri anasiya h, lina linagwa chifukwa apongozi analimva ngati mawu ena amene sindingalembe pano. Limene onse asanu analemba mofanana linali tentiyanga. Mawa lake ndinawaimbiranso kuti andiuze dzina lija osayang'ana, ndipo anayi anakumbukira. Wachisanu anali dalaivala, amene saakumbukira ngakhale kumene wasiya makiyi.

Tinakambirana za .mw, yomwe ndi ya dziko lathu lino, ndipo ndinaikonda, koma makasitomala anga zala zawo zinazolowera kuthera pa .com, ndiye ndinatsatira zalazo. Managing director ndinamuchotsa ntchito. Adiresi inakhala `info@tentiyanga.com`, ndipo anandiikiranso `oda@` kuti makalata ake azigwera m'bokosi lomwelo popanda kulipira bokosi lachiwiri.

Ulendo uno akaunti ili m'dzina langa. Imelo yolandirira zikumbutso ndi yanga yakale ija ya chaka chobadwa, mwadala, chifukwa ukaika ya pa domeni yomweyo, tsiku limene yafa ndi uthenga wa maliro ake omwe umafera momwemo. Ndinalipira zaka zitatu nthawi imodzi, poti kulipira m'madola ndi khadi kuno sikuti kumatheka tsiku lililonse limene wafuna. Kulipira kodzichitikira kokha ndinayatsa, koma sindikukhulupirira, khadi limatha ntchito nalonso. Tsiku lothera ndinalilemba mu kabuku ka ngongole, ndipo pasiwedi ili mu envelopu imene amasunga mayi a kunyumba pamodzi ndi mapepala a puloti.

Makadi otsala, oposa 300, ana amaseweretsa. Matisheti anyamata amavalabe ponyamula mipando, akulengeza adiresi yakufa pa ukwati uliwonse. Pikapu ndinabwerera nayo ku Ndirande kwa wolemba yemwe uja, ndinamulembera adiresi papepala ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo anasangalala kuti ulendo uno ikwana pa chitseko chimodzi. Ndinapita kukadya chipisi. Pobwera ndinapeza wamaliza, penti ikuwala, iye akupukuta m'manja monyadira:

```
www.info@tentiyanga.com
```

"Munaiwala ma dabuliyu, bwana," anatero. "Ndakuikirani ulere."