Caps Lock inatigwetsera ntchito Lachitatu

Sabata ino ndaimaliza ndili wotopa komanso wokwiya. Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse: kuona ngati zosunga za usiku zayenda bwino, kuonjezera malo pa seva yomwe inkadzaza, kuthandiza oiwala mawu achinsinsi. Nkhani yonse ili pa Lachitatu.

M'chipinda mwathu tonse timalembera mu Vim, pulogalamu yolembera ndi kukonzera mafayilo, ndipo tonse tinasintha kalekale batani la Caps Lock kuti lizigwira ntchito ya Esc. Amene mumagwiritsa Vim mukudziwa kuti munthu amadina Esc kosawerengeka kuti achoke polemba n'kubwerera polamula, ndipo batanilo lili pakona, moti dzanja lamanzere limachoka pamalo pake nthawi iliyonse. Pamene Bill Joy ankalemba vi mu 1976 sizinali choncho. Pa makina a ADM-3A omwe ankagwiritsa ntchito, Esc anali pomwe pali Tab masiku ano, ndipo Ctrl anali pomwe pali Caps Lock. Ife timangobwezera mabatani pafupi ndi zala, monga zinalili pachiyambi.

Chomwe ambiri sachimvetsa n'chakuti Vim saliona n'komwe batani la Caps Lock. Iye amangolandira zilembo, zazikulu kapena zazing'ono, choncho palibe chomwe ungalembe mu `.vimrc` kuti ulisinthe. Kusinthako kumachitika pa kompyuta yomwe kiyibodi yalumikizidwako, osati pa seva yomwe walowamo ndi SSH. Pa kompyuta ya woyang'anira usiku, yomwe timasinthana tonse, panali mzere uwu womwe unkayenda munthu akangolowa:

```
setxkbmap -option caps:escape
```

Kumapeto kwa sabata yatha akuluakulu anatumiza anthu kudzaika dongosolo latsopano pa kompyutayo, osatiuza kanthu. Latsopanolo limayenda pa Wayland, pomwe `setxkbmap` ndi chida cha X11, njira yakale yoyendetsera sikirini ndi kiyibodi yomwe Wayland inalowa m'malo mwake. Mzere uja unalipobe, koma Caps Lock inali itabwerera mwakale.

Lachitatu usiku anali pa ntchito ndi mnyamata wathu wina, wakhama kwambiri. Ntchito yake inali yaing'ono: kukweza `shared_buffers` mu `postgresql.conf` ndi kuyatsanso PostgreSQL, pulogalamu yathu yosungira deta. Anasintha bwinobwino. Kenako anakalemba tsiku pa ndemanga ina, monga timachitira, pamalo pomwe panali chonchi:

```
# malire a olowa
max_connections = 300
```

Atamaliza anadina Caps Lock kuti atuluke polemba. Pansi pa sikirini panali `-- INSERT --` pomwepo, ndiye anangotambasula chala n'kudina Esc weniweni, osaganiza zambiri. Tsopano anali polamula, koma zilembo zazikulu zitayaka. Anadina `j` kuti atsike mzere umodzi, kenako `zz` kuti mzerewo ubwere pakati pa sikirini, zomwe zala zake zimachita zokha. Vim analandira `J` ndi `ZZ`. Lamulo la `J` limakoka mzere wapansi n'kuumata kumapeto kwa wapamwamba. La `ZZ` limasunga fayilo n'kutuluka, osafunsa. Mizere iwiri ija inasanduka umodzi woyamba ndi `#`, kutanthauza kuti `max_connections = 300` inalowa m'ndemanga.

Choopsa chake, fayiloyo inalibe cholakwika chilichonse chomwe PostgreSQL angakane. Mnyamatayu anadabwa kuti Vim watseka, ndipo anachita zomwe munthu wosamala amachita: anafufuza ndi `grep`. Mzere wa `max_connections` unatuluka, 300 akuoneka. Usiku, maso atalema, ndani angaone kuti kumayambiriro kwa mzere wautaliwo kuli `#`? Anayatsanso, zonse zinadzuka, iye n'kulemba m'buku kuti ntchito yatheka. Koma PostgreSQL akapanda kupeza mzerewo amatenga 100, malire ake a chibadwa. Usiku olowa ndi ochepa, ndiye kunali zii.

M'mawa anthu atayamba ntchito mafoni anayamba kulira. M'malogi munadzaza `remaining connection slots are reserved`. Ndinalowa pa malo ochepa omwe amasungira woyang'anira, ndipo `SHOW max_connections;` inandipatsa 100. Nditayerekeza fayilo ndi ya dzulo lake pogwiritsa `diff`, mzere womatidwa uja unaonekera poyera. Kuudula kunali kwa kamphindi, koma chiwerengero chimenechi sichisintha popanda kuyatsanso, choncho tinachita kuzimitsira anthu ntchito masanasana.

Chinandipweteka ndi msonkhano wa Lachinayi. Lipoti linabwera litalembedwa kale kuti vuto ndi kusasamala kwa wogwira ntchito. Mnyamata uja anangoti, "Bwana, ine ndinadina momwe ndimadinira masiku onse," ndipo anamuyankha kuti aphunzire kugwiritsa kiyibodi monga inabwera. Ndinati, "Bwana, tinapempha kale kuti kusinthaku kulowe m'dongosolo lomwe mumaika pa makompyuta onse, munatiuza kuti ndi zokonda za munthu. Mwasintha chida usiku osatiuza, lero mukuloza chala mwana." Sanayankhe. Munthu amene wazolowera kuti pansi pa kachala kake pali Esc sangasiye tsiku limodzi, monganso woyendetsa galimoto sangazolowere msanga mutamusinthira buleki ndi kilatchi. Kwa ine kusintha kogwira pa makina ena n'kusagwira pa ena n'koopsa kuposa kusasintha n'komwe.

Lachisanu ndinakonza zomwe ndikanatha popanda chilolezo chawo. Pa GNOME, yomwe ili pa kompyutayo, kaya ndi Wayland kaya X11, chogwira ndi ichi, ndipo sichichoka ukazimitsa makina:

```
gsettings set org.gnome.desktop.input-sources xkb-options "['caps:escape']"
```

Chimagwira pa akaunti ya munthu mmodzi, ndiye aliyense anaika pa yake. Cha makina onse, pa Debian ndi Ubuntu, ndi mzere wa `XKBOPTIONS` mu `/etc/default/keyboard`, koma pamenepo pamafunika mphamvu za `root` zomwe pa kompyuta imeneyo anatilanda. Ndinawachenjeza anzanga kuti asasankhe `caps:swapescape`, chifukwa imeneyo imasamutsira Caps Lock pakona pomwe panali Esc, ndipo mlendo aliyense wodina pamenepo agwa m'dzenje lomweli. Ndi `caps:escape` mabatani onse awiri amakhala Esc.

Tinakangana pang'ono za Esc ndi Ctrl. Mnzanga wina amakonda `ctrl:nocaps`, ndipo mfundo yake ndi yomveka. Ctrl akakhala pafupi, `Ctrl-[` imatumiza chizindikiro chomwecho cha Esc, nambala 27, ndipo umapezanso mosavuta `Ctrl-w` yosinthira mawindo, `Ctrl-r` yobwezera zomwe wafufuta ndi `u`, ndi `Ctrl-v` yosankha mizere motsika. Ubwino winanso ndi wakuti `Ctrl-[` imagwira pa kompyuta iliyonse, yosinthidwa kapena ayi. Chomwe ndinamukaniza ndi chizolowezi chake chotulukira ndi `Ctrl-c`. Imeneyo si Esc: ukasankha mizere ingapo ndi `Ctrl-v`, n'kulemba ndi `I`, kenako n'kutuluka ndi `Ctrl-c`, zolembazo zimangokhala pa mzere woyamba. Pa kompyuta yanga ndili ndi `keyd`, yomwe imapereka Esc ukangogunda batanilo ndi Ctrl ukaligwirira, koma nayonso imafuna `root`, ndiye pa makina osinthana taika Esc basi.

Tagwirizananso kuti wolowa usiku ayambe wadina Caps Lock n'kulemba chilembo chimodzi asanatsegule fayilo iliyonse, ndipo pomaliza aziona `diff`, osati `grep` yokha. Kalata yopempha kuti dzina la mnyamata uja lichotsedwe m'lipoti ndaipereka, ndipo Lolemba ndikaifunsanso.